Mzere Umodzi, Malire Awiri: Kuyerekeza Avareji ndi Kulosera za Munthu Mmodzi pa Rigireshoni

Rigireshoni ya mzere wowongoka ndi njira ya masamu yoyerekezera kukula kwa chinthu china potengera chinthu chimene chayezedwa kale. Wofufuza amasonkhanitsa manambala awiriawiri, monga kutalika kwa makolo ndi kutalika kwa mwana wawo, n'kuwaika pa galafu ngati timadontho. Kenako amapeza mzere wodutsa pakati pa timadonthoto. Mzerewo ukapezeka, aliyense wodziwa kutalika kwa makolo angawerenge pa mzerewo nambala ya kutalika kwa mwana.

Nambala imodziyo imayankha mafunso awiri osiyana. Funso loyamba ndi la gulu: ana onse obadwa kwa makolo otalika chonchi, avareji ya kutalika kwawo ndi yotani? Funso lachiwiri ndi la munthu mmodzi: mwana uyu, wobadwa kwa makolo otalika chonchi, adzatalika bwanji? Mzere umapereka yankho limodzimodzi pa mafunso onse awiri, koma yankholo silodalirika mofanana. N'chifukwa chake akatswiri amawerengera malire amitundu iwiri mozungulira nambalayo. Malire a avareji, amene m'masukulu amatchedwa konfidensi intavo, amasonyeza pamene avareji yeniyeni ya gulu ingakhale. Malire olosera, amene amatchedwa puredikishoni intavo, amasonyeza pamene munthu mmodzi watsopano angagwere. Malire oyambawo amakhala opapatiza, achiwiriwo otakata, ndipo amene wawasinthanitsa amalonjeza zinthu zimene manambala ake sananene.

Manambala a Galton

Chitsanzo chabwino cha nkhaniyi chimachokera ku Britain. M'chaka cha 1886, Francis Galton anafalitsa kafukufuku wa kutalika kwa ana 928 amene anali atakula kale, obadwa m'mabanja 205. Popeza akazi nthawi zambiri amakhala afupi kuposa amuna, iye anachulukitsa kutalika kwa mkazi aliyense ndi 1.08 kuti manambala onse akhale pa muyeso umodzi. Atatero anatenga avareji ya bambo ndi mayi n'kuiyesa kutalika kwa makolo a banjalo. Zonse ankaziyeza m'mainchesi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Galton mwiniwake sanawerengere malire amene nkhani ino ikufotokoza, chifukwa masamu ake anakhwima pambuyo pake. Koma manambala ake anasungidwa, ndipo lero aliyense angawalowetse mu kompyuta. Akalowetsedwa, mzere wake umatuluka motere:

ŷ = 23.94 + 0.6463 × x

Chilembo x chikuimira kutalika kwa makolo, ndipo ŷ ndi kutalika kwa mwana kumene mzere ukupereka. Nambala ya 0.6463 ndi kakweredwe ka mzere: makolo akatalikirapo ndi inchi imodzi, avareji ya ana awo imakwera ndi magawo awiri mwa atatu a inchi, kapena kucheperapo pang'ono. Mzerewu umapezeka ndi njira imene Adrien-Marie Legendre anafalitsa mu 1805. Njirayo imayeza mtunda wochoka pa kadontho kalikonse kufika pa mzere, n'kuchulukitsa mtunda uliwonse ndi iwo womwe, n'kusankha mzere umene umachepetsa kwambiri chiwonkhetso cha manambala amenewo.

Mtunda wa pakati pa kadontho ndi mzere umatchedwa chotsalira. Mwana amene mzere ukumupatsa mainchesi 68 koma iye ali ndi mainchesi 70 ali ndi chotsalira cha mainchesi 2. Zotsalira zonse zikaphatikizidwa mwa masamu zimapereka nambala imodzi, yolembedwa s, imene imanena kuti timadontho tabalalika motani kuzungulira mzere. Pa manambala a Galton, s ndi mainchesi 2.24. Nambala imeneyi ndiyo maziko a malire onse awiri.

Magwero awiri a kukayika

Kusiyana kwa malire awiriwa kumamveka bwino munthu akadziwa kumene kukayika kumachokera. Gwero loyamba ndi mzere weniweniwo. Galton sanayeze mabanja onse a ku Britain koma mabanja 205 okha. Akanapeza mabanja ena 205, mzere ukanatuluka wosiyana pang'ono: ukanakwera kapena kutsika pang'ono, ndiponso ukanapendekera mwina. Choncho mzere uliwonse wochokera pa gulu loyezedwa ndi chiyerekezo chabe cha mzere weniweni wa anthu onse, umene palibe amene wauona.

Gwero lachiwiri ndi kusiyana kwa munthu ndi munthu. Ngakhale mzere weniweniwo utadziwika popanda cholakwika chilichonse, ana a makolo ofanana kutalika sangatalike mofanana. Pabanja limodzi pamakhala mwana wamtali ndi wina wamfupi, chifukwa aliyense amatenga zosiyana kwa makolo ake, ndiponso kadyedwe ndi matenda a paubwana zimasiyana. Kusiyana kumeneku sikolakwitsa kwa woyeza ayi. Ndi mmene anthu alili, ndipo kuyeza anthu ambiri sikungakuchotse.

Funso la avareji limakhudzidwa ndi gwero loyamba lokha. Pa gulu lalikulu, ana aatali ndi aafupi amafafanizana, ndipo chotsala ndi kukayika kwa malo a mzere. Funso la mwana mmodzi limakhudzidwa ndi magwero onse awiri, chifukwa mzere ukhoza kukhala utaphonya pang'ono, komanso mwanayo akhoza kukhala kutali ndi mzere. Mfundo yonse ya nkhaniyi yagona pamenepa.

Kuwerengera malire a avareji

Malire a avareji pa kutalika kwa makolo kumene kwasankhidwa, kolembedwa x₀, amawerengeredwa motere:

ŷ ± t × s × √( 1/n + (x₀ − x̄)² / Sxx )

Chilembo n ndi chiwerengero cha ana oyezedwa, 928. Chilembo x̄ ndi avareji ya kutalika kwa makolo, mainchesi 68.31. Sxx imanena mmene kutalika kwa makolo kwabalalikira: amatenga kusiyana kwa nambala iliyonse ndi avareji, n'kukuchulukitsa ndi iko komwe, n'kuwonkhetsa zonse, ndipo pano zimakwana pafupifupi 2,961. Chizindikiro cha √ chikutanthauza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka zimene zili m'katimo. Chilembo t chimawerengedwa pa tebulo lochokera ku ntchito ya William Gosset, amene ankagwira ntchito pa kampani yofulula mowa ya Guinness ku Dublin ndipo anafalitsa masamuwo mu 1908 pansi pa dzina loti Student. Pa tebulolo amayang'ana mzere wa n − 2, chifukwa manambala awiri anagwiritsidwa kale ntchito popeza mzere. Pa chitsimikizo cha 95 pa 100, ndi ana ochuluka chonchi, t ndi 1.96.

Makolo otalika mainchesi 72, amene ndi pafupifupi masentimita 183, ndi chitsanzo choyenera. Mzere umapereka 23.94 kuwonjezera 0.6463 kuchulukitsa ndi 72, zimene ndi mainchesi 70.47, kapena masentimita 179. Gawo loyamba la m'kati mwa chizindikiro, 1 kugawa ndi 928, ndi 0.0011. Pa gawo lachiwiri, 72 kuchotsa 68.31 ndi 3.69, nambalayi ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imakhala 13.6, ikagawidwa ndi 2,961 imakhala 0.0046. Magawo awiriwa pamodzi ndi 0.0057, ndipo √ yake ndi pafupifupi 0.075. Ikachulukitsidwa ndi 2.24 kenako ndi 1.96, imapereka mainchesi 0.33.

Motero avareji ya kutalika kwa ana onse a makolo a mainchesi 72 ili pakati pa mainchesi 70.1 ndi 70.8, kapena kuti pakati pa masentimita 178 ndi 180. Mpata wonsewo sukwana inchi imodzi.

Magawo awiri aja ali ndi matanthauzo ake. Gawo la 1/n likuimira kukwera kapena kutsika kwa mzere wonse. Gawo linalo likuimira kupendekera kwake. Mzere nthawi zonse umadutsa pamene avareji ya x ndi avareji ya y zimakumana, ndipo ukapendekera umazungulira pamalo amenewo ngati mkono wa sikelo: pakati sipasuntha kwenikweni, koma kunsonga kumasuntha kwambiri. Ndiye chifukwa chake mtunda wa x₀ kuchoka pa avareji uli mu masamuwo.

Kuwerengera malire olosera

Malire olosera a mwana mmodzi watsopano, amene sanali m'gulu loyezedwa, amawerengeredwa motere:

ŷ ± t × s × √( 1 + 1/n + (x₀ − x̄)² / Sxx )

Chasintha ndi chimodzi chokha: m'kati mwa chizindikiro mwalowa 1. Nambala imeneyi ikuimira gwero lachiwiri la kukayika, kubalalika kwa anthu kuzungulira mzere. Imawonjezeredwa pa magawo ena aja chifukwa kupatuka kwa mwana watsopanoyo sikukhudzana ndi kuphonya kwa mzere: mwanayo sanathandize nawo kujambula mzerewo.

Pa makolo a mainchesi 72, m'katimo tsopano muli 1.0057, ndipo √ yake ndi 1.003. Ikachulukitsidwa ndi 2.24 ndi 1.96 imapereka pafupifupi mainchesi 4.4. Mwana mmodzi wamwamuna wa makolo otere akuyembekezeka kukhala pakati pa mainchesi 66.1 ndi 74.9, kapena kuti pakati pa masentimita 168 ndi 190. Ngati mwanayo ndi wamkazi, manambalawa ayenera kugawidwa ndi 1.08 kuti abwerere pa muyeso wake, ndipo amakhala mainchesi 61.2 mpaka 69.3.

Pakati pa malire onse awiri pali nambala imodzimodzi, 70.47. Koma malire olosera ndi otakata kuwirikiza ka 13 kuposa malire a avareji. Mu 1.0057 muja, kukayika kwa mzere ndi 0.0057 chabe, ndipo zina zonse ndi kusiyana kwa munthu ndi munthu. Kafukufuku wa Galton amadziwa bwino kwambiri za gulu, koma za mwana mmodzi amangonena kuti akhoza kukhala wamfupi ndithu kapena wamtali kwambiri. Zonse ziwirizi ndi zoona pa nthawi imodzi, ndipo sizikutsutsana.

Kuopsa kosinthanitsa malirewa kungayezedwe. Munthu atauza makolo a mainchesi 72 kuti mwana wawo adzakhala pakati pa mainchesi 70.1 ndi 70.8, n'kunena kuti akutsimikiza 95 pa 100, angakhale atanama kwambiri. Mpata wa mainchesi 0.33 mbali iliyonse ndi kagawo kakang'ono ka 2.24, ndipo masamu amasonyeza kuti ana pafupifupi 12 okha mwa 100 alionse ndi amene angagwere mu mpata wopapatiza chonchi. Ena 88 angakhale kunja.

Pa kompyuta, pulogalamu ya R imapereka malire onse awiri ndi lamulo limodzi, ndipo chosiyana ndi mawu amodzi okha:

```r
library(HistData)
m <- lm(child ~ parent, data = Galton)
predict(m, data.frame(parent = 72), interval = "confidence")
predict(m, data.frame(parent = 72), interval = "prediction")
```

Mzere wachitatu umatulutsa malire a avareji, wachinayi malire olosera. Zotsatira zonse ziwiri zimaoneka mofanana pa sikirini, ndi mitu itatu: `fit`, `lwr` ndi `upr`, kutanthauza nambala ya pa mzere, malire a m'munsi ndi malire a pamwamba. Kompyuta sidziwa funso limene munthu ali nalo m'mutu, choncho kusankha kumatsalira kwa munthuyo.

Chimachitika n'chiyani oyezedwa akachuluka

Malire awiriwa amasiyananso pa mmene amasinthira gulu loyezedwa likamakula. Kuti zioneke, pangayerekezedwe kuti Galton anayeza ana 12 okha, koma s inatulukabe 2.24. Pa gulu laling'ono chonchi, t imakwera kufika 2.23, chifukwa s nayonso imakhala yokayikitsa. Pa makolo a kutalika kwa avareji, pamene gawo la kupendekera limasanduka ziro, malire a avareji angakhale mainchesi 1.44 mbali iliyonse, ndipo malire olosera angakhale mainchesi 5.2 mbali iliyonse.

Ndi ana 928, pamalo omwewo, malire a avareji amatsika kufika mainchesi 0.14, kutanthauza kuti achepa kakhumi. Malire olosera amangotsika kuchoka pa 5.2 kufika pa 4.4. Ngakhale ana oyezedwa atakhala miliyoni, malire olosera sangatsike kupitirira 1.96 kuchulukitsa ndi 2.24, zimene ndi mainchesi 4.39, pamene malire a avareji angapitirize kuchepa mpaka kutsala pang'ono kutheratu. Mu masamu aja, 1/n imachepa ndipo Sxx imakula oyezedwa akamachuluka, koma 1 uja amakhala pomwepo.

Mfundoyi ili ndi phindu kwa aliyense wokonza kafukufuku. Amene akufuna kudziwa avareji molondola kwambiri ayenera kuyeza anthu ambiri, podziwa kuti kuchepetsa mpata ndi theka kumafuna oyezedwa ochuluka kanayi. Amene akufuna kulosera bwino za munthu mmodzi sapindula kwenikweni ndi kuchulukitsa oyezedwa gulu likangokula mokwanira. Chimene chingamuthandize ndi kuchepetsa s, ndipo s imachepa pokhapokha papezeke chinthu china chofotokoza kusiyana kwa anthu, mwachitsanzo kutalika kwa mwanayo ali wamng'ono, kapena poyeza mosamala kwambiri.

Pali funso lina lokhala pakati pa awiriwa: avareji ya anthu atsopano owerengeka. Ngati funso likukhudza avareji ya ana m atsopano ochokera m'mabanja osiyana, 1 uja amasanduka 1/m. Pa ana anayi a makolo a mainchesi 72, malire amakhala mainchesi 2.2 mbali iliyonse, theka la malire a mwana mmodzi. Ana akamachuluka, malirewo amayandikira malire a avareji. Zimenezi zikusonyeza kuti malire awiriwa ndi mathero awiri a njira imodzi: kumbali ina kuli munthu mmodzi, kumbali inayo kuli gulu lopanda malekezero.

Maonekedwe ake pa galafu

Malirewa akajambulidwa pa kutalika kulikonse kwa makolo, amapanga malamba awiri otsatira mzere. Lamba la avareji ndi lopyapyala pakati ndipo limafutukuka kumapeto. Pa makolo a mainchesi 68.3 ndi mainchesi 0.14 mbali iliyonse, pa 72 ndi 0.33, ndipo pa 64 ndi 0.38. Lamba lolosera limaoneka ngati mizere iwiri yowongoka, chifukwa limangosintha kuchoka pa 4.40 pakati kufika pa 4.41 kumapeto.

Zimenezi zimathandiza wowerenga lipoti kudziwa lamba limene akuona ngakhale olemba sananene. Ngati timadontho tambiri tili kunja kwa lamba, limenelo ndi la avareji, ndipo palibe cholakwika, chifukwa ntchito yake sikukuta timadontho. Ngati pafupifupi timadontho tonse tili m'kati, limenelo ndi lolosera. Pa lamba lolosera la 95 pa 100, timadontho pafupifupi tisanu mwa 100 tiyenera kukhala kunja, ndipo pa ana 928 kumeneko ndi ana pafupifupi 46. Akakhala ochuluka kwambiri kuposa pamenepo, kapena akaunjikana mbali imodzi ya galafu, ndiye kuti pali vuto.

Tanthauzo la 95 pa 100

Lingaliro la malire a chitsimikizo analikhazikitsa bwino ndi Jerzy Neyman, katswiri wa masamu wa ku Poland, mu 1937. Malinga ndi lingaliro limeneli, nambala ya 95 ikunena za njira yowerengera, osati za malire amodzi amene atuluka. Kafukufuku atabwerezedwa kambirimbiri, nthawi iliyonse ndi mabanja atsopano, malire a avareji angakute avareji yeniyeni maulendo 95 mwa 100. Avareji yeniyeniyo ndi nambala yokhazikika. Chimene chimasintha ndi malire.

Pa malire olosera zinthu ziwiri zimasintha, malire ndiponso mwana watsopanoyo. Kafukufuku atabwerezedwa, ndipo ulendo uliwonse n'kutengedwa mwana mmodzi watsopano, mwanayo angagwere m'malire maulendo 95 mwa 100. Malire a avareji akulondola nambala imene singaoneke ndi maso, pamene malire olosera akulondola chinthu chimene chidzayezedwa ndithu, ndipo zidzadziwika ngati ulosiwo unakwana kapena ayi.

Chitsimikizochi ndi cha malo amodzi a x pa nthawi imodzi. Amene akufuna lamba lokuta mzere wonse weniweni, kuchokera kumapeto kufika kumapeto, ndi chitsimikizo cha 95 pa 100, ayenera kulitakasa. Holbrook Working ndi Harold Hotelling anasonyeza njira yake mu 1929, ndipo pa gulu lalikulu ngati la Galton, 1.96 uja amalowedwa m'malo ndi pafupifupi 2.45.

Zimene zimalakwika ndi mmene zimadziwikira

Masamu onsewa amadalira zinthu zinayi: kuti ubale wa x ndi y ndi wowongokadi, kuti kubalalika n'kofanana pa mzere ponse, kuti zotsalira sizikhudzana, ndiponso kuti zotsalira zimaunjikana pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri, monga zimakhalira pa galafu yooneka ngati belu. Malire awiriwa savutika mofanana chimodzi cha zinthuzi chikasokonekera.

Maonekedwe a belu ndi ofunika kwambiri pa malire olosera. Malire a avareji amatetezedwa ndi lamulo la masamu lakuti avareji ya manambala ambiri imayandikira maonekedwe a belu ngakhale manambalawo paokha asali otero. Munthu mmodzi alibe chitetezo chimenechi. Ngati zotsalira zapendekera mbali imodzi, monga zimachitikira ndi ndalama zimene anthu amapeza, malire olosera amaphonya ngakhale oyezedwa atakhala masauzande. Chizindikiro chimodzi ndi malire a m'munsi otsika pansi pa ziro pa chinthu chimene sichingakhale pansi pa ziro. Kutalika kwa anthu kumatsatira bwino maonekedwe a belu, ndipo n'chifukwa chake manambala a Galton amayenerera chitsanzochi.

Kubalalika kosafanana kumaonekera zotsalira zikajambulidwa motsatira nambala za pa mzere. Zikayamba zothithikana n'kumabalalika kumapeto, ndiye kuti s imodzi siyokwanira: malire olosera amakhala otakata mopitirira kumene timadontho tathithikana, ndi opapatiza mopitirira kumene tabalalika. Galafu yomweyo imasonyezanso ngati ubale ndi wokhota, chifukwa zotsalira zimakhala pamwamba pa ziro kumapeto konse kuwiri ndi pansi pakati, kapena mosemphana ndi zimenezi. Zikatero malire a avareji ndi amene amapweteka kwambiri, popeza ndi opapatiza ndipo kuphonya pang'ono kumawachotsa pa avareji yeniyeni.

Pa kusakhudzana kwa zotsalira, manambala a Galton enieniwo ali ndi chilema. Ana 928 anachokera m'mabanja 205 okha, kutanthauza ana anayi kapena asanu pa banja. Ana a mimba imodzi amafanana m'njira zimene kutalika kwa makolo kokha sikufotokoza, choncho sangawerengedwe ngati mboni 928 zosadziwana. Zotsatira zake n'zakuti malire a avareji a mainchesi 0.33 aja ayenera kuti ndi opapatiza kuposa mmene anayenera kukhalira. Malire olosera sasuntha kwenikweni ndi vutoli, chifukwa gawo lawo lalikulu ndi 1 uja. Vuto lomweli limabwera pamene ophunzira ayezedwa m'makalasi, odwala m'zipatala, kapena chinthu chimodzi chayezedwa tsiku ndi tsiku.

Vuto lomaliza ndi kutuluka kunja kwa manambala oyezedwa. Makolo a m'tebulo la Galton ali pakati pa mainchesi pafupifupi 64 ndi 73. Kompyuta ikafunsidwa za makolo a mainchesi 80 imayankhabe, ndipo malire olosera amangokula kuchoka pa 4.4 kufika pa 4.5. Kukula pang'ono kumeneku kumanyenga, chifukwa masamuwo amayesa kuti mzere ukupitirira wowongoka, chinthu chimene palibe kadontho kakuchitira umboni. N'chimodzimodzinso ndi anthu a malo ena kapena nthawi ina. Mzerewu ndi wa mabanja a ku Britain a m'zaka za m'ma 1800, ndipo malire ake sanena kanthu za anthu okulira pa zakudya ndi moyo wosiyana.

Kusankha malire oyenera

Chosankhira ndi funso limene likufunsidwa, osati malire amene akuoneka okongola mu lipoti. Ngati chigamulo chikukhudza gulu lalikulu, pamene okwera ndi otsika adzafafanizana, oyenera ndi malire a avareji. Ngati chikukhudza chinthu chimodzi, oyenera ndi malire olosera. Wokonza ndondomeko ya ulimi amene akufuna avareji ya zokolola za minda yonse yothiridwa feteleza wochuluka mwakuti akufunsa funso la gulu. Mlimi amene akufuna kudziwa matumba amene munda wake udzatulutse chaka chino, kuti aone ngati adzabweze ngongole, akufunsa funso la chinthu chimodzi. Dokotala wouza wodwala mmodzi zimene angayembekezere alinso pa funso lachiwirili.

Kulakwitsa kofala kumapita mbali imodzi: kupereka malire a avareji pamene funso linali la munthu mmodzi, chifukwa ndi opapatiza ndipo amachititsa kafukufuku kuoneka wamphamvu. Lipoti labwino limatchula mtundu wa malire amene lapereka, chiwerengero cha oyezedwa, nambala ya s, ndiponso x wotsika ndi wokwera kwambiri amene anayezedwa. Pamene lipoti silinatchule mtundu wa malire, nambala ya s imathandiza: pa gulu lalikulu, malire olosera a 95 pa 100 amakhala pafupifupi s kuwirikiza kawiri mbali iliyonse ya mzere. Malire alionse opapatiza kwambiri kuposa pamenepo ndi a avareji, ndipo sayenera kugwiritsidwa ntchito ponena za munthu mmodzi.